Utoto sufafaniza umwini wa amene adajambula chithunzi

Zithunzi zambiri zopentedwa pamanja zimene timaziona zikugulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira pa Dedza mpaka pa Ntcheu, pamodzi ndi nkhope zimene zimasindikizidwa pa matisheti, pa makalendala ndi pa zikwangwani za misonkhano, sizichokera m'mutu mwa wopenta kapena wokonza pa kompyuta. Zimachokera pa chithunzi chimene munthu wina adajambula ndi kamera, kenako chidayenda pa WhatsApp kapena pa Facebook mpaka kufika m'foni ya waluso amene wachisandutsa chinthu china. Palibe choipa m'kugwiritsa ntchito chithunzi ngati poyambira, ndipo aluso a m'mayiko onse amachita zimenezi. Chimene ndikutsutsa ndi chikhulupiriro chimene chafala pakati pa opentawo ndi osindikiza, chakuti munthu akasintha mitundu, akachotsa za kumbuyo, akatembenuza nkhope kuti iyang'ane mbali ina, ndiye kuti mwini kamera watulukamo ndipo chithunzicho chasanduka chake. Lamulo silinena choncho, ndipo ngakhale lamulolo likadakhala chete, chilungamo sichikadavomereza.

Tiyeni titenge nkhani imodzi yongoyerekeza, koma ya mtundu umene umachitikadi, kuti tiitsate mpaka kumapeto. Pa mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko, umene umachitikira ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, mayi wina wojambula zithunzi wagwada pansi kutsogolo kwa ovina ngoma, dzuwa litapendeka, ndipo wajambula bambo wachikulire panthawi imene phazi lake lamanja langomenya pansi. Fumbi lakwera mpaka m'mawondo, chishango chaphimba theka la chifuwa, chibonga chili m'mwamba, nthenga za kumutu zapindikira kumanzere, ndipo kumbuyo kwake kukuoneka mwendo umodzi wa wovina wina amene kamera yamudula. Mayiyo waika chithunzicho pa tsamba lake. Patapita miyezi ingapo, mnyamata wopenta wa pa boma wachikopera, wachikuza pa chinsalu potsata mizere ya mabokosi, wachipenta kwa masabata awiri, wachotsa khamu la anthu n'kuikapo thambo lofiira, walemba dzina lake m'munsi, n'kuchigulitsa kwa mwini malo ogona alendo pa mtengo wa K150,000. Mwini malowo wachikonda kwambiri moti wauza mnyamatayo kuti achijambulenso pa kompyuta, ndipo asindikiza matisheti 200 ogulitsa pa K12,000 iliyonse.

Funso ndi lakuti pa chinsalucho ndi pa matishetiwo pali umwini wa anthu angati. Yankho langa, limenenso ndi yankho la malamulo, ndi lakuti pali umwini wa anthu awiri, wina pamwamba pa mnzake, ndipo wapansiyo sadachoke.

Lamulo la Malawi loteteza umwini wa ntchito zaluso la chaka cha 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1989, limawerengera zithunzi za kamera pamodzi ndi ntchito zina zotetezedwa, ndipo pakati pa zinthu zimene mwini ntchito yekha ndiye angathe kuchita kapena kuloleza pali kuichulukitsa ndiponso kuisintha kuti ikhale ntchito ina. Mfundo yomweyi ili mu Pangano la Berne, pangano la mayiko loteteza umwini wa ntchito zaluso, limene Malawi idalowamo m'chaka cha 1991. Ndime 12 ya panganoli imapatsa mwini ntchito ufulu wololeza kapena kukana kuti ntchito yake isinthidwe, pomwe ndime 2(3) imanena kuti ntchito yochokera ku ntchito ina imatetezedwa ngati ntchito yatsopano, koma popanda kuchepetsa umwini wa ntchito yoyambayo. Mawu omalizawa ndi amene opentawo sawamva. Mnyamata wathu uja ali ndi umwini weniweni pa zimene waonjezera, monga thambo lofiira, kasakanizidwe ka utoto ndi kayendedwe ka burashi, moti ngakhale mayi wakamerayo sangatenge chinsalucho n'kuchisindikiza popanda kumupempha. Koma mnyamatayo wamanga nyumba pa malo a mwini wake: njerwa ndi zake, denga ndi lake, koma sangaigulitse kapena kuichititsa lendi mwini malo asadavomere.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi kuganiza kuti chithunzi chopanda dzina, chopanda chizindikiro cha ©, kapena chosalembetsedwa ku COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa ntchito zaluso m'Malawi, ndi cha aliyense. Umwini umayamba panthawi imene chithunzi chajambulidwa, ndipo Pangano la Berne limakana kuti chitetezo chidalire kulembetsa kapena mwambo wina uliwonse wa m'maofesi. Kuika chithunzi pa Facebook ndi kuchionetsa kwa anthu, osati kuchipereka kwa aliyense amene wachiona. Ndiponso umwiniwu sutha msanga, pakuti ngakhale malire otsikitsitsa amene panganolo limalola pa zithunzi za kamera ndi zaka 25, ndipo mayiko ambiri amapitirira pamenepo kutali, kotero chithunzi cha Umhlangano wa chaka chatha kapena cha zaka khumi zapitazo n'chotetezedwa mosakayikitsa.

Tsopano tifike pamene pali mkangano weniweni, chifukwa mnyamata wopentayo ali ndi chonena, ndipo chonena chakecho si chopusa. Iye anganene kuti mayi uja sadalenge wovinayo, sadasoke zikopa, sadapeke ngoma, ndipo chimene adachita ndi kudina batani kwa kamphindi kosakwana sekondi imodzi, pomwe iye adakhala masabata awiri akupuma fungo la penti. Anganenenso kuti ngoma ndi ya Angoni onse, ndiye sizingatheke kuti munthu mmodzi wonyamula kamera aletse ena kujambula wovina ngoma.

Gawo lachiwiri la mfundoyi ndi loona, ndipo ojambula ndi kamera ayenera kulimva bwino, chifukwa ena mwa iwo amadzikundikira zimene si zawo. Mayi uja si mwini wa wovinayo, si mwini wa kavinidwe ka kumenya phazi pansi, ndipo si mwini wa ganizo lakuti Mngoni wonyamula chishango amaoneka bwino pa chinsalu. Wopenta aliyense angathe kupita ku Nkolimbo, kujambula zake ndi foni, kapena kupempha wovina kuti amuimirire pabwalo, ndipo chimene angatulutse ndi chake ngakhale chitafanana ndi cha mayiyo m'njira zambiri. Chimodzimodzi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006: amene adazijambula ndi kamera sakhala mwini wa zojambula za makolozo, ndipo sangaletse wina kupita kukaziona n'kuzijambula mwa njira yake. Phiri la Dedza nalonso silikhala la munthu chifukwa chakuti adalijambula kuchokera pa malo abwino.

Khothi lina la apilo ku Amereka lidaunika bwino malire amenewa m'chaka cha 2018, pa mlandu wa Jacobus Rentmeester ndi kampani ya Nike. Rentmeester adajambula katswiri wa masewero a basketball Michael Jordan m'chaka cha 1984 akudumpha atatambasula miyendo, mpira uli m'dzanja lamanzere. Pambuyo pake Nike idajambulitsa chithunzi chake cha Jordan akudumpha mofanana, koma pa malo ena, ndi kumbuyo kwina, ndi kaimidwe ka manja ndi miyendo kosiyana pang'ono. Khothi lidagamula kuti wojambulayo sangakhale mwini wa kadumphidweko pakokha, koma wa mmene iye adakajambulira, ndipo popeza chithunzi chachiwiri chidasankha zambiri mosiyana, sichidaphwanye umwini wake. Zigamulo za ku Amereka sizimanga makhothi athu, koma kusiyanitsa kumeneku pakati pa chinthu chojambulidwa ndi kajambulidwe kake ndiko maziko a malamulo a umwini kulikonse.

Ndiye kodi cha mayi uja n'chiyani? Ndi zosankha zake. Adasankha kugwada, n'chifukwa chake wovinayo akuoneka wamtali ndipo phazi lake likuoneka lalikulu kuposa mmene diso la munthu woimirira likadalionera. Adasankha mbali imene dzuwa likuwalira fumbi kuchokera kumbuyo. Adasankha kamphindi, pakati pa mphindi zikwi zambiri za tsikulo, pamene phazi, chishango, chibonga ndi nthenga zidagwirizana. Adasankha pamene chithunzi chithere. Kudina batani n'kwachidule, inde, koma kudziwa pogwada ndi podinira kumatenga zaka, ndipo lamulo siliyeza umwini ndi thukuta kapena ndi masiku, limayang'ana ngati munthu adaika zosankha zake m'ntchitoyo. Zosankha zimenezo ndi zomwe mnyamata wopenta adatenga pamene adatsata mizere ya mabokosi. Akadafuna wovina ngoma chabe, akadamupeza kulikonse. Adafuna wovina uyu, pa kamphindi aka, kuchokera pansi apa, chifukwa mayiyo anali atathetsa kale mavuto ovuta kwambiri a chithunzi chabwino.

Pa chifukwa chimenechi, funso loyenera silakuti wasintha zochuluka bwanji, koma lakuti watenga chiyani. Mphekesera yakuti ukasintha magawo 30 mwa 100 aliwonse a chithunzi ndiye kuti wamasuka imamveka kawirikawiri m'mashopu osindikizira, ndipo ena amati magawo 10, ena amati zinthu zisanu ndi ziwiri. Palibe lamulo limene lili ndi chiwerengero choterocho. Woweruza amaika ntchito ziwirizo pamodzi n'kufunsa ngati gawo lofunika la luso la ntchito yoyamba likupezeka m'yachiwiri, ndipo kufunika kumayezedwa ndi kulemera kwa chimene chatengedwa, osati kukula kwake pa chinsalu. Thambo lofiira likhoza kudzaza theka la chinsalucho, koma chimene wogula adalipirira K150,000 ndi wovina uja.

Kuzindikira kuti chinsalu chidakoperedwa sikovuta monga ena amaganizira. Njira yoyamba ndi kujambula chinsalucho molunjika, kuchiika pamwamba pa chithunzi choyamba pa kompyuta, n'kuchipepuza mpaka zonse ziwiri zizioneka nthawi imodzi; ngati mphuno, chigongono, nsonga ya chibonga ndi m'mphepete mwa chishango zikugwera pamodzi, sizingakhale mwangozi, ndipo ngati wopenta adatembenuza chithunzi, kuchitembenuzanso kumaulula zonse. Koma umboni wamphamvu kwambiri umakhala pa tinthu tachabechabe timene munthu wopenta kuchokera m'mutu sakadatiikapo. Nthenga zopindikira kumanzere chifukwa cha mphepo ya kamphindi kameneko, mthunzi wa chibonga wogwera pa tsaya, phazi lokulitsidwa ndi galasi la kamera, chingwe cha chikopa chimene chidamasuka, kapena mwendo uja wa wovina wachiwiri umene wopenta adaukopera osadziwa n'komwe kuti ndi wa ndani: izi ndi zimene zimagwiritsa wokopera. Ojambula awiri oimirira moyandikana angatulutse zithunzi zofanana, koma sangagwire nthenga ndi fumbi pa malo amodzimodzi.

Mlandu umene umafanana kwambiri ndi nkhani yathu ndi wa Lynn Goldsmith ndi bungwe losunga ntchito za Andy Warhol, umene Khothi Lalikulu la ku Amereka lidagamula m'chaka cha 2023. Goldsmith adajambula woimba Prince m'chaka cha 1981. M'chaka cha 1984 magazini ya Vanity Fair idalipira madola 400 kuti chithunzicho chigwiritsidwe ntchito kamodzi kokha ngati poyambira pa waluso amene adzajambule chithunzi cha m'magaziniyo, ndipo walusoyo anali Warhol. Iye sadalekere pa chimodzi: adapanga zithunzi 16, zambiri za mitundu yowala, nkhope yokhayokha itadulidwa pa thupi. Prince atamwalira m'chaka cha 2016, kampani ya magaziniyo idalipira bungwe la Warhol madola 10,000 kuti iike chimodzi mwa zithunzizo pachikuto, ndipo Goldsmith sadalandire kanthu, ngakhale dzina lake silidatchulidwe. Oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi adakhala mbali ya Goldsmith. Mfundo yawo idali yakuti ngakhale Warhol adaonjezera maonekedwe ake, chithunzi chakecho chidagulitsidwa kuti chigwire ntchito yomweyo imene chithunzi cha Goldsmith chimagwira, yoonetsa Prince m'magazini yonena za Prince, kotero chidalowa pa msika wa mwini chithunzi choyamba.

Ndiyenera kunena kuti chigamulochi chidali chopapatiza, chifukwa chidakhudza kugulitsa kwa mu 2016 kokha, osati funso lakuti Warhol adalakwa popanga zithunzizo, ndiponso oweruza awiri otsalawo adachenjeza mwamphamvu kuti maganizo otere angamange manja aluso, amene kuyambira kale amaphunzira ndi kupanga zatsopano potengera za anzawo. Chenjezo limeneli ndimalilemekeza. Koma onani chimene nkhaniyi ikuphunzitsa wopenta wa pa Ntcheu. Choyamba, ngakhale magazini yaikulu imene inkagwira ntchito ndi waluso wotchuka pa dziko lonse idayamba ndi kulipira chilolezo. Chachiwiri, chilolezo chili ndi malire, ndipo cha chinsalu chimodzi si cha matisheti 200. Chachitatu, mlanduwo udafika mpaka ku Khothi Lalikulu chifukwa malamulo a ku Amereka ali ndi khomo lotakasuka limene limalola woweruza kuyeza ngati kagwiritsidwe ntchito kena n'koyenera ngakhale popanda chilolezo. Lamulo lathu limatchula zinthu zimene munthu angachite popanda kupempha, monga kukopera kuti agwiritse ntchito yekha, kugwira mawu, kuphunzitsa ndi kufalitsa nkhani za zimene zikuchitika, ndipo kugulitsa chinsalu kapena matisheti sikuli m'gulu limenelo. Amene amamva za ku Amereka pa intaneti n'kuganiza kuti zikumuteteza pa Lizulu akudzinamiza kawiri, chifukwa ngakhale kwawoko bungwe la Warhol lidagonja.

Apa m'pamene ndimasiyanitsa kuphunzira ndi kugulitsa. Mwana wa sukulu kapena wophunzira kupenta amene akukopera chithunzi m'buku lake kuti adziwe mmene mthunzi umagwera pa nkhope sakulanda munthu kanthu, ndipo wojambula amene angamuopseze ndi wouma mtima chabe. Zinthu zimasintha pamene chokoperacho chapachikidwa pa msika, chaikidwa pa intaneti ngati ntchito ya wopentayo yekha, kapena chalowa mu mpikisano. Ndipo zimasinthiratu pa matisheti, chifukwa pamenepo mayi wakamera uja wataya msika umene udali wake: iye mwini akadatha kugulitsa chithunzi chomwecho kwa mwini malo ogona alendo, kwa osindikiza makalendala kapena kwa okonza mwambo wa chaka chotsatira, koma tsopano anthu achiona kale pa zifuwa za ena, ndipo akachiona pa tsamba lake ena adzaganiza kuti iye ndiye adatengera.

Ena amaganiza kuti akalemba m'munsi kuti chithunzi choyamba ndi cha uje ndiye kuti athana nazo. Kutchula dzina ndi udindo wina, chilolezo ndi udindo winanso, ndipo kuchita chimodzi sikuchotsa chinzake. Mwini ntchito ali ndi ufulu wotchulidwa dzina ndi wokana kuti ntchito yake isinthidwe m'njira yomunyozetsa, ndipo ufulu umenewu umakhalabe wake ngakhale atagulitsa ufulu wa ndalama. Ichi chimakhala chofunika kwambiri pamene chithunzi cha wovina chatengedwa n'kuikidwa pa chikwangwani cha mowa kapena cha chipani cha ndale chimene wojambulayo, ndi wovina yemwe, sakugwirizana nacho.

Pali mfundo ina imene opentawo amaponya, ndipo imaluma: kodi mayi wakamerayo adamulipira wovina uja? Kawirikawiri yankho ndi lakuti ayi, ndipo ine ndikuona kuti wojambula amene akupeza ndalama ndi nkhope ya munthu wodziwika dzina ndi mudzi ayenera kumupempha ndi kumukumbukira, makamaka pa miyambo imene eni ake amaisunga mwaulemu, monga ngoma ndi gule wamkulu. Lamulo lathu lili ndi gawo lapadera lokhudza zachikhalidwe cha makolo, limene limaika umwini wake m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Koma ngongole ya mayiyo kwa wovina sisanduka chilolezo cha wopenta. Ngati wovinayo sadalandire kanthu, matisheti 200 angoonjezera anthu amene akudyera nkhope yake.

Chimene chimandidabwitsa ndi chakuti njira yolondola ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mkangano. Mnyamata uja akadatumiza uthenga kwa mayiyo asadagwire burashi, n'kunena kuti akufuna kupenta chinsalu chimodzi chochokera pa chithunzi chakuti, ojambula ambiri akadavomera pa ndalama yochepa, mwina K20,000, ena akadangopempha kutchulidwa dzina. Mgwirizanowo sufuna loya, koma uyenera kulembedwa, ndipo uyenera kunena zinthu zenizeni: chithunzi chake ndi chiti, chidzapangidwa chiyani, zingati, kwa nthawi yaitali bwanji, dzina la wojambula lidzalembedwa pati ndi motani, ndiponso ngati chinsalucho chingasindikizidwenso pa zinthu zina. Pa matisheti, pamene ndalama yonse ikufika K2,400,000, akadagwirizana gawo, tinene magawo 5 mwa 100 aliwonse, amene ndi K120,000. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, si mitengo yokhazikitsidwa ndi aliyense, koma zikuonetsa kuti mwini chithunzi angalipidwe malonda osagwa. Afunsenso ngati amene akulankhula nayeyo ndiyedi mwini, chifukwa wojambula wolembedwa ntchito ndi nyuzipepala kapena bungwe angakhale kuti alibe mphamvu yopereka chilolezo, ndipo pa zithunzi za ukwati ndi za maliro zimene banja lidalipira wojambula, n'kwanzeru kumva kwa onse awiri zimene adapangana. Kukhala ndi chithunzi chosindikizidwa m'nyumba, kapena kukhala munthu amene ali pa chithunzicho, pakokha sikupatsa munthu umwini wa luso lake.

Amene sakufuna kupempha aliyense ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kujambula zithunzi zake zoyambira, zimene masiku ano foni wamba imakwanitsa. Yachiwiri ndi kufunafuna zithunzi zimene eni ake adazimasula kale ndi zilolezo za Creative Commons, koma awerenge zilembo zake. Chithunzi cholembedwa CC BY chimalola kusintha ndi kugulitsa malinga mwini watchulidwa. CC BY-SA imalola zomwezo, koma ntchito yatsopanoyo iyenera kutulutsidwa ndi chilolezo chomwecho, kutanthauza kuti ena nawonso angakopere chinsalu chako. Chilolezo chokhala ndi zilembo NC chimaletsa malonda, ndipo chokhala ndi ND chimaletsa kufalitsa chinthu chosinthidwa, kotero ziwirizi sizithandiza wopenta wogulitsa. Chithunzi kungopezeka pa Google sikutanthauza kuti chili ndi chilolezo chilichonse.

Ojambula ndi kamera nawonso ali ndi gawo lawo, chifukwa umwini umene sungathe kuutsimikizira ndi wovuta kuuteteza. Mayi wathu uja asunge fayilo yoyambirira monga idatulukira m'kamera, makamaka ya mtundu wa RAW ngati amajambula motero, pamodzi ndi zithunzi zimene adajambula masekondi angapo chisadafike chimenecho ndi pambuyo pake, popeza wokopera sangakhale ndi mndandanda umenewo. Fayilo yoyambirira imasunga tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera, zinthu zimene zimafufutika chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, ndipo imakhala yaikulu ndi yomveka bwino kuposa imene idayenda m'mafoni. Akapeza chinsalu kapena tisheti, ajambule umboni, agule imodzi ngati angathe, asunge lisiti, kenako alembe kalata yaulemu yoonetsa zithunzi ziwirizo pamodzi ndi yonena chimene akufuna. Kuthamangira kunyoza pa Facebook kumatseka khomo la kukambirana, ndipo kungamubweretsere iye mwini mlandu woipitsa mbiri ngati wanena zopitirira umboni. Akalephera kumvana angakafunse uphungu ku COSOMA kapena kwa loya, ndipo khothi lili ndi mphamvu yoletsa kugulitsa, yolamula chipukuta misozi ndi yolanda katundu wokoperedwa. Kalatayo ipitenso kwa mwini malo ogona alendo, chifukwa amene adalamula ndi kugulitsa matisheti sangabisale kumbuyo kwa wopenta. Kugula chinsalu kudamupatsa chinsalucho kuti achipachike pa khoma, osati ufulu wochichulukitsa.

Pa matisheti amene asindikizidwa kale, ine sindingalimbikitse mayiyo kuti aumirire kuti awotchedwe, ngakhale lamulo likadamulola, pokhapokha ngati chithunzi chake chaikidwa pa chinthu chomunyozetsa. Kuwotcha sikumupatsa tambala, kumagwetsa mnyamata amene mwina sadadziwe, ndipo anthu awiriwa adzakumananso ku Nkolimbo chaka chamawa. Chopindulitsa ndi chilolezo cha pambuyo, chokwererapo kuposa chimene akadagwirizana poyamba kuti kusapempha kusakhale kotchipa kuposa kupempha: tinene magawo 10 m'malo mwa 5 pa matisheti onse 200, ogulidwa kale ndi otsala omwe, amene ndi K240,000, kuphatikizapo ndalama ya chinsalu, dzina la wojambula pa kapepala kolendewera pa tisheti iliyonse yotsala, ndi mawu olembedwa akuti palibe kusindikizanso kwina popanda mgwirizano watsopano.